"Tinkawathamangitsa tsiku lililonse": mlandu wa Pannett ndi ana olowa pa saiti

Pa ntchito yanga ya uloya, milandu ya anthu ovulala ndi imene imanditengera nthawi yambiri. Nthawi zina amene amafika ku ofesi si wovulalayo ayi, koma kontirakitala amene walandira kalata yomuuza kuti alipire chipukuta misozi. Ikakhala nkhani ya mwana wovulalira pa saiti, mawu oyamba a kontirakitala sasintha: "A loya, ana amenewa tinkawathamangitsa tsiku lililonse. Kafunseni alonda." Amanena zimenezi akumwetulira, poganiza kuti wandipatsa chishango. Ine ndikamva choncho ndimayamba kuda nkhawa, chifukwa ndi pakamwa pake pomwe wavomera chinthu chimene loya wa mwanayo akanatuluka nacho thukuta kuti atsimikizire khoti, chakuti iye ankadziwa kuti ana amabwera pamalopo.

Mlandu umene umaonetsa bwino zimenezi ndi wa Pannett ndi kampani ya P. McGuinness, umene khoti la apilo la ku Mangalande linagamula mu 1972. Ndi mlandu wa kumeneko ndipo ndiufotokoza monga wa kumeneko. Kumapeto ndi kumene ndinenepo pang'ono za mmene umatikhudzira ife.

Zimene zinachitika

Kampani ya McGuinness inkagwira ntchito yogumula nyumba. Inapatsidwa ntchito yogwetsa nyumba yaikulu yosungiramo katundu, m'dera lokhala anthu ambiri, pafupi ndi paki imene ana ankasewerako. Ntchito itatsala pang'ono kutha, panali zinyalala zambiri zofunika kuziwotcha, ndipo anaganiza zoziwotchera pamalo pomwepo.

Akuluakulu a kampaniyo sanali anthu osalabada. Ankadziwa kuti moto umakoka ana, ndipo anasankha anthu atatu oti aziyang'anira motowo ndi kuona kuti ana asayandikire. Antchitowo anali atathamangitsapo ana kambirimbiri m'mbuyomo. Pannett, mnyamata wa zaka 5 amene nkhaniyi ikumukhudza, nayenso anali atathamangitsidwapo, osati kamodzi kokha.

Tsiku la ngozi, ana ataweruka kusukulu, moto unali ukuyaka koma anthu atatu aja onse panalibe. Mnyamatayo analowa, n'kugwera pamoto, ndipo anapsa kwambiri.

Palibe amene ankatsutsa kuti mwanayo analowa popanda chilolezo. Sanaitanidwe, ndipo panalibe njira yonamizira kuti ankaloledwa mwakachetechete, popeza ankachita kumuthamangitsa. Funso linali lakuti munthu wolowa pamalo a eni popanda chilolezo, akavulala, ali ndi poyambira kudandaula kapena ayi.

Lamulo limene mlanduwu unalipeza

Mlanduwu ukanachitika zaka zochepa m'mbuyomo, mwanayo akanabwerera chimanjamanja. Lamulo lakale linakhazikika mu 1929 pa mlandu wa Addie ndi Dumbreck, wochokera ku Scotland. Mwana wa zaka 4 ankasewera pa gudumu la makina okokera zinyalala za mgodi wa malasha, m'munda umene ana ankakonda kusewerako. Antchito analiza makinawo ali patali, osapita kukaona ngati pagudumupo pali munthu, ndipo mwanayo anaphwanyidwa n'kufa. Khoti lalikulu kuposa onse la nthawi imeneyo, House of Lords, linati kampani ilibe mlandu. Wolowa popanda chilolezo amalowa mwa kufuna kwake, ndipo chimene mwini malo sayenera kuchita n'kumuvulaza mwadala kapena kuchita zinthu mosasamala konse pamene akudziwa kuti munthuyo alipo. Kupitirira apo, palibe udindo, kaya wolowayo ndi mbala ya zaka 40 kaya ndi mwana woti sanayambe sukulu.

Majaji ambiri lamuloli linkawalemera, moti anayamba kulilambalala. Njira imene ankakonda inali yonena kuti ngati mwini malo ankaona ana akulowa koma osachitapo kanthu, ndiye kuti anawaloleza, choncho anawo ndi alendo. Njira imeneyi inali ndi chilema chodabwitsa: mwini malo waulesi ankapezeka wolakwa, pamene wokalipira ana n'kuwathamangitsa ankapulumuka ngakhale malo ake akhale oopsa chotani. Ndikuganiza kuti chikhulupiriro chakuti kuthamangitsa ana n'kokwanira chili ndi mizu m'maganizo akale ngati amenewa.

Zinthu zinatembenuka kumayambiriro kwa 1972 ndi mlandu wa Herrington. Mnyamata wa zaka 6 ankasewera m'dambo la ku Mitcham, chakumwera kwa London, ndipo anadutsa pamene mpanda wa waya unagwa n'kufika pa njanji ya magetsi, pomwe anapsa koopsa. Mkulu wa pa siteshoni anali atauzidwa kale kuti ana akuoneka pa njanjipo, koma mpandawo sunakonzedwe. House of Lords inasiya lamulo la 1929 n'kunena kuti wolamulira malo ayenera kuchitira wolowa popanda chilolezo zimene munthu wa umunthu angachite, poganizira zimene akudziwa, luso lake ndi chuma chimene ali nacho. Udindowu ndi wocheperapo poyerekeza ndi umene ali nawo pa mlendo woitanidwa, koma ulipo.

Pali kanthu kamodzi mu mlandu wa Herrington kamene maloya timakakumbukira kuposa ena. A njanji sanabweretse mboni ngakhale imodzi yoti ifotokoze zimene ankadziwa kapena zimene anachita, ndipo khoti linati amene wasankha kukhala chete asadandaule khoti likamasulira kukhala chete kwakeko momuipira.

Mlandu wa Pannett unafika ku khoti la apilo patangopita miyezi yochepa chigamulo cha Herrington chitaperekedwa. Unali umodzi mwa milandu yoyambirira kuyesa ngati umunthu umenewu uli ndi mano.

Mfundo za kampani ndi mmene khoti linaziyankhira

Kampani inali ndi mfundo zomveka ndithu. Inati inachita zonse zimene munthu wanzeru angachite: inaika anthu, inachenjeza ana, inathamangitsa mnyamatayo mobwerezabwereza. Ikanachitanso chiyani? Mfundo ina inali yoloza kwa mayi wake wa mwanayo, kuti mwana wa zaka 5 samuleka kuti azingoyenda yekha.

A Denning, amene ankatsogolera majaji atatu pa mlanduwu, anatchula zinthu zingapo zofunika kuziyeza pamodzi. Choyamba ndi kukula kwa ngozi ndi mpata woti ichitike. China ndi mtundu wa munthu wolowayo, pakuti mwana wongoyendayenda kapena wamkulu wosochera safanana ndi mbala kapena wosaka nyama mozemba. China ndi mtundu wa malo: njanji ya magetsi kapena nyumba imene ikugwetsedwa imafuna kusamala koposa nyumba wamba yokhalamo. Chomaliza ndi zimene wolamulira malo akudziwa, kapena zimene anayenera kudziwa, zakuti anthu angalowe.

Tikaika nkhani ya mnyamatayu pa sikelo imeneyi, chilichonse chikupendekera mbali imodzi. Moto waukulu ukhoza kupha. Wolowayo ndi mwana wa zaka 5 amene sankafuna kuba kanthu. Malowo ndi chigumula chimene chili pafupi ndi paki. Nanga za kudziwa? Apa ndi pamene chishango cha kampani chinasanduka mkondo woilasa. Aliyense amene wathamangitsa mwana katatu akudziwa kuti mwanayo adzabweranso kachinayi. Ndiponso kampaniyo, poika anthu atatu oyang'anira, inali itavomera yokha kuti popanda munthu pamalopo ana alowa. Khoti linapeza kuti inali ndi udindo, kuti antchito ake analephera udindowo pochoka moto ukuyaka pa nthawi imene ana amakhala ali panja, ndiponso kuti kulakwa kwa antchito pa ntchito yawo ndi kulakwa kwa amene anawalemba. Apilo ya kampani inakanidwa.

Onani bwino pamene mlandu unagona. Khoti silinanene kuti dongosolo la kampani linali loipa. Dongosololo linali labwino, ndipo likanatsatidwa mwanayo sakanapsa. Chimene chinagwetsa kampani ndi kanthawi kochepa kamene dongosolo linali papepala koma pamalopo panalibe munthu. Chenjezo la dzulo silinawerengedwe, chifukwa mwana wa zaka 5 sasunga chenjezo m'mutu monga amachitira wamkulu. Mukamukalipira lero, wamva kuti bambo ajawa ndi aukali. Sanamve kuti moto umapha. Mawa akaona kuti bambo aukali aja palibe, kwa iye choletsa chachoka.

Ena amati chigamulochi chinaumira kampani, ndipo ndimawamvetsa. Mabwana analamula zoyenera, olakwa ndi anyamata amene anachoka. Koma amene anasankha kuwotcha zinyalala pamalo oyandikana ndi paki, mmalo mozinyamula kukataya kwina, ndi kampani. Njira yowotcha imapulumutsa ndalama za mayendedwe, ndipo mtengo wake ndi woti munthu aime pamenepo mpaka moto uzime. Amene wadya phindu la njirayo asakane mtengo wake.

Nanga makolo?

Mfundo ya mayi ija ndi imene imafuna kuikhalira pansi, chifukwa pali mlandu wina wa pa saiti umene unathera kwina, ndipo makontirakitala akaumva amaukonda kwambiri.

Ndi mlandu wa Phipps ndi khonsolo ya mzinda wa Rochester, wa mu 1955. Khonsoloyo inkamanga nyumba pa malo aakulu, ndipo pakati pa bwalo la udzu inakumba ngalande yaitali ndi yakuya yoikamo mapaipi a zonyansa. Anthu a m'deralo ankadutsa pabwalopo, ana ankasewerapo, ndipo khonsolo sinkaletsa. Mnyamata wa zaka 5 anapita ndi mlongo wake wa zaka 7 kukathyola zipatso zakutchire. Podutsa pabwalopo anagwera m'ngalandemo n'kuthyoka mwendo.

Jaji Devlin anavomera kuti anawo ankaloledwa kudutsa, choncho sanali olowa mozemba. Komabe anati khonsolo ilibe mlandu. Ngalande inali poyera, munthu wamkulu aliyense akanaiona n'kuipewa, ndipo kholo losamala silikanatumiza ana ang'ono chotero okhaokha pamalo pamene pakumangidwa nyumba lisanaone kaye ngati pali bwino. Mwini malo ali ndi ufulu woyembekezera kuti makolo achita mbali yawo. Udindo woyamba woteteza ana aang'ono ndi wa makolo, ndipo si bwino kuti auchotse pa mapewa awo n'kuuika pa aliyense amene ali ndi malo osatchinga.

Ndiye taonani chodabwitsa. Ana awiri, onse a zaka 5, onse pa malo a ntchito yomanga kapena yogumula. Wololedwa kudutsa analuza, wothamangitsidwa anawina. Wophunzira malamulo akangoona koyamba amati makhoti akudzitsutsa.

Ine sindiona choncho, ngakhale ndikuvomera kuti zaka 17 za pakati pa milandu iwiriyi zinasintha mtima wa makhoti. Kusiyana kwenikweni kuli pa zinthu ziwiri. Ngalande imakhala pomwe ili, dzulo, lero ndi mawa, ndipo kholo lodutsa pamenepo likhoza kuiona n'kuuza mwana kuti uku usamapiteko. Moto wa McGuinness unali chinthu chimene kampani inayatsa yokha, chongokhalapo kwa kanthawi, chimene mayi ali kunyumba sakanadziwa kuti chayaka. Komanso ngalande siitana mwana, pamene moto umamuitana ali patali.

Chachiwiri ndi khalidwe la malowo. M'dera la mnyamata wa Pannett, ana a msinkhu umenewo kupita okha kukasewera ku paki chinali chinthu cha masiku onse, ndipo khoti silinaone cholakwa pa mayiyo. Muyezo wa a Devlin umafunsa zimene kholo losamala la m'dera limenelo limachita, osati kholo la m'maloto limene limagwira mwana padzanja kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kontirakitala amene wawaona anawo ndi maso ake akubwera okha sanganene kuti ankayembekezera kuti abwera ndi makolo.

Nkhani ya zinthu zokopa ana ndi yakale kuposa milandu iwiriyi. Mu 1922, pa mlandu wa khonsolo ya Glasgow ndi Taylor, mwana wa zaka 7 anafa atadya zipatso za chitsamba chapoizoni m'munda wa maluwa wa khonsolo. Zipatsozo zinkaoneka zokoma, chitsambacho sichinatchingidwe mokwanira, ndipo khoti linati zimenezo n'zokwanira kuti khonsolo iyankhe mlandu. Pa saiti zokopa zotere sizisowa: mulu wa mchenga, makwerero otsamira khoma, makina osakanizira simenti, dzenje lodzadza madzi a mvula.

Mlanduwu ukanaweruzidwa lero

Mawu oti umunthu anavuta kuwagwiritsa ntchito, chifukwa jaji aliyense pa mlandu wa Herrington anawafotokoza mwa njira yake. Nyumba ya malamulo inalowererapo mu 1984 ndi lamulo lapadera lokhudza anthu amene si alendo ovomerezeka, logwira ntchito ku Mangalande ndi ku Wales. Alendo ovomerezeka anali kale ndi lawo la 1957, limene limanena poyera kuti wolamulira malo ayembekezere kuti ana sasamala ngati akulu.

Lamulo la 1984 limati udindo ulipo pokhapokha zinthu zitatu zitakwanira. Wolamulira malo akhale kuti akudziwa za choopsacho kapena ali ndi zifukwa zomveka zokhulupirira kuti chilipo. Akhale kuti akudziwa, kapena ali ndi zifukwa zokhulupirira, kuti munthuyo ali pafupi ndi choopsacho kapena angafikepo. Ndipo ngoziyo ikhale ya mtundu woti, poona zonse, n'koyenera kumuyembekezera kuti aperekepo chitetezo.

Kampani ya McGuinness ikanagwa pa zitatu zonsezi mosavuta. Moto inayatsa yokha. Ana inkawathamangitsa yokha. Chitetezo chofunika chinali chotsika mtengo, munthu mmodzi kutsala pamene anzake achoka.

Lamulolo limalola kuti nthawi zina udindo ukwaniritsidwe pochenjeza kapena poletsa anthu kudziika pangozi, ndipo apa ndi pamene anthu amathamangira ku chikwangwani. Koma lamulo limafuna njira zoyenera malinga ndi mmene zinthu zilili. Chikwangwani cholembedwa kuti malo ano ndi oopsa chikhoza kukwanira pa munthu wamkulu wodziwa kuwerenga. Pa mwana wa zaka 5 ndi thabwa chabe. Chinthu chinanso chaching'ono: lamulo la 1984 limakhudza kuvulala kwa thupi, osati katundu. Wolowa mozemba njinga yake ikaphwanyika sangadalire lamuloli.

Pamene mwana amaluza

Ndisasiye chithunzi chakuti mwana akavulala pamalo a munthu ndiye kuti chipukuta misozi chatsimikizika. Pali malire awiri amene ndimawayang'ana msanga ndikalandira fayilo.

Oyamba ndi a kudziwa. Mu mlandu wa Swain ndi Puri wa 1996, mnyamata wa zaka 9 anakwera padenga la fakitale n'kugwera mkati kudzera pa windo la padenga. Malowo anali ndi mpanda, ndipo panalibe umboni wakuti ana analowapo kale kapena kuti mwini wake anali ndi chifukwa chokhulupirira kuti angakwere padengapo. Mwanayo analuza. Makhoti a kumeneko anakananso mfundo yakuti kungomanga mpanda ndi umboni woti mwini malo ankayembekezera olowa. Izi n'zofunika, chifukwa zikanakhala choncho, wosamala aliyense bwenzi akudzikumbira dzenje ndi kusamala kwakeko. Kusiyana ndi Pannett n'kwakuti kumeneko anawo anali ataonedwa kale, maso ndi maso.

Achiwiri ndi a kumene ngozi yachokera. Mu mlandu wa Keown wa 2006, mnyamata wa zaka 11 anakwera makwerero achitsulo othawira moto pa nyumba ina ya chipatala, koma anakwerera kunja kwake, cha kunsi, monga ankaonera anzake akuchita. Anagwa kuchokera pamwamba n'kuvulala mutu. Makwererowo analibe vuto lililonse, ndipo mnyamatayo anavomera kuti ankadziwa kuti zimene akuchitazo n'zoopsa. Khoti la apilo linati ngozi inachokera ku zimene iye anasankha kuchita, osati ku mmene malowo analili. Msinkhu ukamakwera, mfundo imeneyi imakula mphamvu. Ngakhale pamene mwana wamkulupo wawina, khoti limatha kudula ndalama zake poona kuti nayenso analakwitsa, zimene sizichitika kawirikawiri pa mwana wa zaka 5.

Koma pali mfundo ina imene makontirakitala amaidalira pachabe, yoti sitikanaganiza kuti mwana angachite zimenezo. Mu mlandu wa Jolley wa 2000, khonsolo ya Sutton inasiya bwato lowola pa udzu pafupi ndi nyumba zogona anthu kwa nthawi yaitali. Mnyamata wa zaka 14 ndi mnzake analinyamula ndi jeke ya galimoto kuti alikonze, ndipo linamugwera n'kumupuwalitsa. Khonsolo inavomera kuti inayenera kulichotsa, koma inati ngozi imene inkayembekezeka inali ya mwana kuponda thabwa lowola, osati imeneyi. House of Lords inakana. Ana amapeza njira zosewerera ndi zinthu zimene wamkulu sangaziganize, ndipo mtengo wochotsa bwatolo unali womwewo kaya ngozi ibwere motani.

Woyankha mlandu ndani?

Mawu oti mwini malo amasocheretsa. McGuinness sanali eni ake a nyumba imene ankagwetsa. Lamulo limayang'ana amene ali ndi ulamuliro pamalopo, mfundo imene inakhazikika pa mlandu wa Wheat ndi Lacon mu 1966, ndipo olamulira akhoza kukhala oposa mmodzi pa nthawi imodzi. Pa saiti, kontirakitala amene wapatsidwa malo ndiye amakhala woyamba kufunsidwa. Mwini puloti amene amabwerabe, kulamula alonda kapena kusunga makiyi a geti, akhoza kukokedwanso. Ndipo ntchito ikaima chifukwa ndalama zatha, kontirakitala n'kunyamula zida zake, ulamuliro umabwerera kwa mwini puloti pamodzi ndi maenje onse amene atsala osakwirira. Ambiri sadziwa kuti kuyambira tsiku limenelo katunduyo ali pamutu pawo.

Kwathu kuno

Lamulo la 1984 si lathu, ndipo khoti la ku Malawi silimangidwa nalo. Malamulo a ku Mangalande amene tinalandira ndi amene analipo pofika pa 11 Ogasiti 1902. Zigamulo za kumeneko za pambuyo pake sizimanga makhoti athu, koma maloya amazitchula ndipo majaji amaziwerenga ngati uphungu wolemera, makamaka pa milandu ya kusasamala. Pannett ndi Herrington, popeza ndi zigamulo za makhoti osati malamulo a nyumba ya malamulo, ndi zimene loya wa mwana angaziike patsogolo, pamene loya wa kontirakitala angatsamire pa Phipps.

Ndikuona kuti Phipps ndi wovuta kumuimiritsa m'madera athu ambiri. Ku Ndirande, ku Chinsapo kapena ku Mchesi, mwana wa zaka 5 kuyenda ndi mkulu wake wa zaka 7 si chizindikiro cha kholo losasamala. Ndi mmene ana amaleredwera, ndipo womanga aliyense amadziwa. Njira zachidule zimadutsa m'mapuloti osatchinga, ndipo mulu wa mchenga ukatsitsidwa m'mawa, pofika masana uli ndi mapazi a ana. Komabe muyezo wa Herrington umaganiziranso thumba la munthu, choncho amene akumanga kanyumba kake pang'onopang'ono sangayembekezeredwe kuchita zofanana ndi kampani yomanga nyumba zosanja. Kampani ingafunsidwe za mpanda wa malata ndi mlonda. Womanga wamba angafunsidwe chifukwa chake sanavundikire dzenje la sepitiki ndi malata akale ndi miyala, kapena kugoneka pansi makwerero poweruka.

N'chifukwa chake kontirakitala uja akandiuza za kuthamangitsa ana, sindilemba zimenezo ngati chitetezo. Ndimamufunsa kuti ngozi inachitika nthawi yanji, ndipo sukulu yapafupi imaweruka nthawi yanji. Ndimafunsa kuti pa ola limenelo pa saiti panali ndani, ndipo ndimafuna dzina, osati yankho loti alonda analipo. Ndimafunsa ngati mlondayo analembedwa kuti aziona ana kapena kuti azilondera simenti, chifukwa mlonda wa simenti amakhala pakhomo la sitolo, kutali ndi dzenje. Ndimafunsa kuti mpanda unabooka liti, anaona ndani, anauza ndani. Ndimapempha buku la pa saiti ndi zithunzi za tsiku lomwelo, malo asanakonzedwe.

Funso limene limatenga nthawi kuyankhidwa ndi la nkhomaliro. Pa masaiti ambiri onse amapita kukadya nthawi imodzi, folomani, amisiri ndi aganyu omwe, ndipo nthawi imeneyo siitalikirana ndi imene ana a makalasi aang'ono amakhala ali m'njira kuchokera kusukulu. Kontirakitala wina nditamufunsa zimenezi anakhala chete, kenako anatulutsa foni n'kuimbira folomani wake ndili pomwepo. Ndinangomva mbali yake yokha: "Achimwene, tsiku lija pa nkhomaliro munasiyapo ndani?" Anamvetsera kwa kanthawi, n'kudula foni, ndipo anandifunsa ngati inshulansi yake ingalipire.